Zithunzi za mapepala a mayeso zadzaza m'foni: mmene tingazisandutsire mndandanda wa mafunso

Mayeso a MSCE akamayandikira, mafoni a ana a Fomu 4, a aphunzitsi awo, ngakhalenso a makolo amalemedwa ndi zithunzi za mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Wina anajambula pepala lili pabondo, wina pa desiki dzuwa likuwala mbali imodzi, ndipo zonsezo zimakathera m'gulu la WhatsApp la kalasi. Mwana amakhala ndi zithunzi zambirimbiri, mtima n'kukhala pansi kuti zida ali nazo. Koma mutamuuza kuti atulutse mafunso onse a magirafu amene anabwera m'zaka zisanu zapitazi, amangoyendetsa chala pagalasi la foni mpaka moto kutha.

Chimene mwanayo akusowa ndi mndandanda: tebulo limodzi lonena kuti funso lililonse likupezeka pati, ndi la mutu wanji, lili ndi malikisi angati, ndipo likufuna kuti woyankha achite chiyani. Pano titenga Masamu a MSCE ngati chitsanzo. Ntchitoyi imatheka m'kope la masamu ndi lula, imathekanso mu Excel kapena Google Sheets. Chida chilibe kanthu kwenikweni. Mndandanda umadalirika ngati mzere wake uliwonse ungakubwezereni ku chithunzi chimene unachokera, komanso ngati malikisi ake akukwana pamene ayenera kukwana. Popanda ziwirizi, tebulo lokongola limangonamiza mwana molongosoka.

Yambani ndi kudziwa pepala

Chithunzi chikalowa m'foni kudzera pa WhatsApp chimabwera ndi dzina longa `IMG-20240312-WA0017.jpg`. Manambala a pakatiwo amanena tsiku limene chithunzicho chinafika m'fonimo, sanena chaka cha mayeso. Choncho ntchito yoyamba ndi kutsegula chithunzi chilichonse ndi kuwerenga pamwamba pa tsamba. Mapepala a bungwe la MANEB la ku Zomba lija amakhala ndi chaka, nambala ya phunziro, monga `M131/I` pa pepala loyamba la Masamu, ndiponso mawu onga `Page 3 of 12`. Mawu amenewa ndi amtengo wapatali, chifukwa akukuuzani masamba amene muyenera kukhala nawo. Sinthani dzina la chithunzicho kuti likhale `2019-P1-03.jpg`, kutanthauza chaka, pepala ndi tsamba, kenaka ikani masamba a pepala limodzi m'foda yawoyawo. Mukatero, tsamba losowa limadziulula lokha: mukaona 05 ndi 07, mwadziwa kuti 06 palibe. Ngati simunapeze tsamba lolembedwa `END OF QUESTION PAPER`, pepalalo silinathe.

Tsamba lopanda chaka pamwamba liziyamba lakayikiridwa. M'magulu a WhatsApp mumayenda mapepala ambiri a mayeso oyeserera, a moko aja, olembedwa ndi sukulu kapena magulu a sukulu, ndipo ena amatengera kaonekedwe ka MANEB mpaka kufanana. Mafunso a moko ndi abwino poyeserera, koma akasakanikirana ndi enieniwo amasokoneza chiwerengero, pakuti mphunzitsi wolemba moko nthawi zambiri amabwereza mafunso akale a MANEB omwewo, ndipo mutu umodzi umaoneka ngati umabwera kawirikawiri pamene mwangowerenga funso limodzi kawiri. Asungeni padera, dzina lawo liyambe ndi `MOCK`.

Chaka cha 2020 chimafuna diso lapadera. Mayeso a MSCE a chaka chimenecho anathetsedwa mu Novembala ali mkati, mapepala atabedwa ndi kufalikira, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Ndiye n'zotheka kukhala ndi mapepala awiri osiyana a phunziro limodzi amene anthu onse akuwatchula kuti "a 2020". Tsiku limene lasindikizidwa pachikuto ndi limene lingakuuzeni kuti ili ndi liti. N'chifukwa chake chikuto sichiyenera kutayidwa, ngakhale chilibe funso ndi limodzi lomwe. Pachikuto ndi m'malangizo a magawo ndi mmene muli malikisi onse a pepala, ndiponso lamulo lonena mafunso oyenera kuyankha, ndipo tidzazifuna zimenezi posachedwa.

Kunena za kajambulidwe sikufuna mawu ambiri. Pepala ligone pansi pamalo osalala, foni ikhale pamwamba pake molunjika, m'mphepete zonse zinayi zioneke. Malikisi amalembedwa chakumanja kwa tsamba, kumene kamera ya munthu wofulumira imakonda kudula. Potumizira mnzanu, tumizani ngati `Document`, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi WhatsApp imachichepetsa, ndipo chikadutsa m'mafoni angapo timanambala ting'onoting'ono timafufutika.

Mzere umodzi, kafunso kamodzi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa osadziwa. Munthu amatenga funso 3 lonse n'kulilemba pamzere umodzi, pamene funso 3 lili ndi (a) ndi (b), ndipo mbali ziwirizo sizigwirizana konse: ina ndi ya ngodya za m'bwalo lozungulira, ina ndi ya maseti. Mzere umenewo mudzaupatsa mutu uti? Lamulo ndi lakuti kachigawo kalikonse kamene kali ndi malikisi akeake kakhale ndi mzere wakewake. Ngati malikisi alembedwa pa (a) ndi pa (b), mizere ndi iwiri. Ngati (a) ali ndi (i) ndi (ii) koma malikisi alembedwa kamodzi kumapeto, mzere ndi umodzi, ndipo musagawe malikisiwo mwa inu nokha.

Tebulo lisachulukitse madanga. Asanu ndi awiri akwana: keyala ya funso, tsamba, mutu waukulu, mutu wachiwiri, malikisi, mtundu wa funso, ndiponso ngati funsolo ndi lokakamiza kapena losankha. Mizere iwiri yongoyerekeza, yosachokera m'pepala lenileni, ingaoneke chonchi:

```
A            B   C                    D           E  F        G
2019-P1-07   04  Quadratic equations  Pythagoras  5  Nkhani   Onse
2019-P2-09a  08  Circle geometry      -           6  Umboni   Sankha
```

Mayina a mitu alembedwe mmene alili m'silabasi, m'Chingelezi momwemo, poti ndi mmene mwana adzawapezere m'buku lake. Ziro wa mu `07` musamusiye, chifukwa kompyuta ikamasanja mawu imaika 10 patsogolo pa 2, koma 02 imamuika pamalo pake.

Mwaona kuti mawu a funso lenileni mulibe m'tebulomo. Ine ndimalangiza kuti asalowemo, kupatula mawu atatu kapena anayi okumbutsa. Pali mapulogalamu owerenga zilembo za pachithunzi. Ngakhale Google Drive imatha kutsegula chithunzi mu Google Docs n'kutulutsa mawu ake. Pa nkhani zolembedwa m'ziganizo amachita bwino ndithu. Pa masamu ndi pamene amapunthwa. Tiyerekeze kuti pepala likuti x² − 5x + 6 = 0. Pulogalamu ikhoza kutsitsa ka 2 kapamwambako n'kulemba `x2 - 5x + 6 = 0`. Mwana wowerenga zimenezi ngati 2x − 5x + 6 = 0 apeza x = 2 yekha, n'kukhutira, pamene funso lenileni lili ndi mayankho awiri, 2 ndi 3. Choipa kwambiri n'chakuti 2 wakeyo ndi limodzi mwa mayankho olondola, ndiye sangazindikire msanga kuti wayeserera funso lina. Chizindikiro chochotsera chikhoza kusowa, kachigawo ka nambala yapamwamba ndi yapansi kakhoza kusanduka mizere iwiri, ndipo chojambula, monga bwalo lokhala ndi ngodya zake, sichituluka n'komwe. Mndandanda ukhale mlozera, funso likhale pachithunzi. Ndi chifukwa chake danga la tsamba lilipo.

Malikisi akwane

Mukatha kulowetsa pepala limodzi, musapite ku lina musanaphatikize malikisi. M'kope muphatikiza ndi kakyuleta. Pakompyuta mulemba:

```
=SUMIF(A:A,"2019-P1*",E:E)
```

Lamulo limeneli likuphatikiza malikisi a mizere yonse imene keyala yake ikuyamba ndi `2019-P1`. Tinene kuti chikuto chikuti pepalali ndi la malikisi 100, koma inu mwapeza 92. Malikisi 8 asowa, ndipo muyenera kuwasaka. Yambani ndi manambala a mafunso: kodi akutsatana opanda mpata? Tinene kuti onse alipo. Ndiye yang'anani mafunso amene ali pansi penipeni pa tsamba, chifukwa funso limatha kuyambira pansi pa tsamba 6 n'kukathera pamwamba pa tsamba 7. Kumeneko mwapeza 12(b) wa malikisi 3, amene munamudumpha poti maso anathamangira pa 13. Mwafika pa 95. Kwatsala 5, koma palibenso kafunso kosowa. Zikatere vuto lili m'kawerengedwe ka nambala. Funani mzere umene ntchito yake ikuoneka yaikulu kuposa malikisi ake. Funso louza mwana kuti adzaze tebulo, ajambule girafu, kenaka awerenge mayankho pagirafupo silingakhale la malikisi 3. Mukakulitsa chithunzicho mupeza kuti ndi 8 amene mbali yake yakumanzere inafufutika ndi kuwala. Kusiyana kwa 8 ndi 3 ndi 5, ndipo 100 wakwana.

Malikisi akapyola, zifukwa zake zimakhala ziwiri kawirikawiri: tsamba linajambulidwa kawiri ndipo munalilowetsa kawiri, kapena munalemba malikisi a funso lonse n'kulembanso a tizigawo take. Pamene nambala yadulidwa ndi kamera, musalote. Ikani `?` m'dangamo. Lamulo lija lidumpha chizindikirocho, ndipo kuperewera kwa malikisi kudzakukumbutsani kuti pali ngongole. Ngati `?` ndi mmodzi yekha m'pepala lonse, mungamupeze pochotsera. Akakhala awiri, pemphani mnzanu chithunzi china.

Pepala lokhala ndi gawo losankha limafuna kuwerengera kwina. Tiyerekeze kuti gawo loyamba lili ndi malikisi 55 oyankha onse, ndipo lachiwiri lili ndi mafunso asanu ndi limodzi a malikisi 15 lililonse, mwana n'kusankhapo atatu. Mwanayo akulimbirana 55 kuphatikiza 45, amene ndi 100. Koma mndandanda wanu uli ndi mafunso onse osindikizidwa, choncho uyenera kupereka 55 kuphatikiza 90, amene ndi 145. Munthu wosawerenga malangizo akaona 145 amayamba kufufuta mizere yabwinobwino. Lembani nambala yoyembekezekayo pambali musanayambe kulowetsa pepalalo.

Mutu wa funso ndi pamene malikisi agona

Kusankha mutu ndiye ntchito ya ubongo, ndipo palibe chida chingakuchitireni bwino kuposa munthu wodziwa phunzirolo. Musanakhudze funso loyamba, lembani mitu yonse kuchokera m'silabasi imene imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mugwiritse ntchito mayina okhawo. Zili ngati kusankha fodya m'shedi: magiredi amadziwika tsamba loyamba lisanagwidwe, apo ayi aliyense amanga mtolo wake mwa nzeru zake. Anthu atatu akagawana zaka popanda kugwirizana mayina, wina alemba `Quadratics`, wina `Quadratic eqns`, wina `Algebra`, ndipo kompyuta iwerenga mitu itatu, uliwonse wooneka waung'ono. Mu Excel ndi mu Google Sheets muli `Data validation`, imene imachititsa kuti munthu azisankha mutu pa mayina oikidwa kale m'malo molemba yekha. Mphindi zochepa zoikonza zimapulumutsa tsiku lathunthu lokonza zolakwika.

Vuto lenileni ndi funso loponda mitu iwiri. Nachi chitsanzo chimene ndapanga. Dimba lili ndi mbali zitatu ndipo ngodya yake imodzi ndi ya madigiri 90. Mbali yaitali kwambiri ndi mamita 13, ndipo mwa mbali ziwiri zotsalazo, ina ikuposa inzake ndi mamita 7. Pezani mbali yaifupi. Woyang'ana mothamanga aona mbali zitatu ndi ngodyayo n'kulemba `Pythagoras`. Koma tiyeni tiyankhe. Mbali yaifupi ikhale x, inayo x + 7. Lamulo la Pythagoras likupatsa x² + (x + 7)² = 169, ndipo ntchito ya lamulolo yathera pomwepa, pamzere umodzi. Zotsala zonse ndi zina: kumasula mabulaketi kuti mupeze 2x² + 14x − 120 = 0, kugawa ndi 2 kuti ikhale x² + 7x − 60 = 0, kupeza (x + 12)(x − 5) = 0, ndi kukana −12 poti dimba silikhala ndi mbali yochepera ziro. Yankho ndi mamita 5. Pa masitepe asanu, anayi ndi a `Quadratic equations`. Umenewo ndiye mutu waukulu, ndipo `Pythagoras` apite ku danga lachiwiri.

Njira yake ndi imeneyo: yankhani funsolo, kapena lembani masitepe ake, muone kumene ntchito yambiri yagona. Zimatenga nthawi, koma mwana amene akukonza mndandanda wake mwanjira imeneyi wayamba kale kuwerenga. Pophatikiza malikisi a mitu, gwiritsani ntchito mutu waukulu wokha. Mukawerengera funso limodzi ku mitu yonse iwiri, malikisi a pepala adzatupa kupyola enieni. Danga lachiwiri ntchito yake ndi yofufuzira: mphunzitsi wofuna paliponse pamene Pythagoras waonekera adzayang'ana madanga onse awiri.

Silabasi imasinthanso. Aphunzitsi a sayansi amalidziwa bwino vutoli, chifukwa phunziro limene kale linali limodzi linagawidwa kukhala Fizikisi ndi Kemisitiri, ndipo mafunso a m'mapepala akale ayenera kugawidwa mmodzimmodzi kupita uku kapena uko. M'phunziro lililonse, funso la mutu umene suli m'silabasi ya lero musalifufute, chifukwa malikisi a pepalalo sadzakwananso. Lipatseni mutu wakuti `Kale`, likhale pamenepo osasokoneza.

Funso likufuna chiyani

Mtundu wa funso umadziwika ndi mawu olamula amene ali pachiyambi kapena pamapeto pake. M'Masamu mitundu inayi ndi yokwanira. Pali lowerengera, la mawu onga `Simplify`, `Solve` ndi `Calculate`. Pali laumboni, la `Prove` kapena `Show that`, limene yankho lake laperekedwa kale ndipo malikisi ali pa zifukwa. Pali lojambula, la `Draw` kapena `Construct`, lofuna lula, kampasi kapena pepala la girafu. Ndiye pali lankhani, longa la dimba lija, limene mwana ayenera kusandutsa ziganizo kukhala masamu. Musapitirire apa. Mukapanga mitundu khumi ndi iwiri, mtundu uliwonse udzakhala ndi mafunso awiri kapena atatu, ndipo simudzaonapo chilichonse.

Danga limeneli limanyozeka, koma ndi limene limaulula matenda enieni a mwana. Wonjezerani danga lina kumapeto lolembamo malikisi amene mwana wapeza atayesa funsolo. Mwana amene amanena kuti `Circle geometry` imamuvuta angapeze kuti mafunso owerengera ngodya akukhoza pafupifupi onse, koma aumboni akugwa onse. Ndiye kuti malamulo a bwalo amawadziwa, chomusowa ndi kulemba chifukwa pambali pa sitepe iliyonse. Wina angaone kuti akutaya malikisi pa mafunso ankhani m'mitu inayi yosiyana. Ameneyo kumubwereza mitu inayiyo n'kutaya nthawi. Vuto lake lili pa kumva Chingelezi cha funso ndi kusankha chimene chikhale x.

Kuwerenga zimene mndandanda ukunena

Mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi akalowa, mtima umafuna kudziwa mutu umene umabwera kwambiri. Werengani malikisi, osati mafunso okha. Mutu wobwera kasanu ndi kanayi ndi malikisi 3 nthawi iliyonse uli ndi 27. Wobwera kanayi kokha ndi malikisi 10 uli ndi 40. Woyamba ndi wochuluka pamaso, wachiwiri ndiye wolemera. Lamulo lake ndi lofanana ndi lija:

```
=SUMIFS(E:E,C:C,"Quadratic equations",A:A,"20*")
```

Koma yang'ananinso danga lomaliza. Ngati malikisi 40 aja onse ali m'gawo losankha, mwana angathe kuwalambalala n'kusankha funso lina, pamene 27 a m'gawo lokakamiza alibe kothawira. Mphunzitsi wanzeru amaphatikiza magawo awiriwa padera, ndipo mwana wofooka amamuyambitsa pa mitu yolemera ya m'gawo lokakamiza. Pa MSCE giredi 6 ndi kirediti pamene 7 ndi kungokhoza chabe, ndipo mwana amene ali m'malire a ziwirizi malikisi ochepa omwewo ndiwo amamuwolotsa.

Chimene ndimakana ndi kusandutsa mndandanda kukhala ula. Mumamva ana akuti mutu wakutiwakuti sunabwere zaka ziwiri ndiye chaka chino ubwera basi, kapena unabwera chaka chatha ndiye tiusiye. Mapepala asanu ndi ochepa kwambiri kuti munthu aloserepo, ndipo wolemba mayeso ali ndi ufulu wofunsa paliponse m'silabasi. Mndandanda suli likasa. Mutu wa m'silabasi umene uli ndi ziro m'tebulo lanu ukutanthauza chimodzi mwa zinthu zitatu: sunafunsidwe m'zaka zimene muli nazo, unabisala m'danga lachiwiri, kapena unali pa tsamba limene simunalipeze. Ziwiri zomalizazo mungazitsimikize lero lomwe, poyang'ana danga D ndi powerenganso masamba a m'foda iliyonse. Ngati ndi choyambacho, mafunso a mutu umenewo muwatenge m'buku la kalasi, muwalembe m'tebulo lomwelo ndi keyala yoyamba ndi `BUKU`, kuti mwana awayeserere koma asalowe m'chiwerengero cha MANEB.